Malikisi a AI akakwera, chakwera n'chiyani kwenikweni?

M'chaka cha 2020, gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Dan Hendrycks linatulutsa mayeso otchedwa MMLU, oyesera mamodelo a AI, mapulogalamu a pakompyuta ophunzitsidwa kulemba ndi kuyankha mafunso ngati munthu. Modelo yamphamvu kwambiri ya nthawi imeneyo, GPT-3, inapeza malikisi pafupifupi 44 pa 100. Pofika mu Malichi 2023, GPT-4 inapeza 86.4, ndipo mu Disembala chaka chomwecho kampani ya Google inalengeza kuti modelo yake ya Gemini Ultra yafika pa 90.0. Olemba mayesowo anali atayerekeza kuti anthu amene ndi akatswiri pa maphunzirowo angapeze 89.8. Wowerenga manambala amenewa angaganize kuti m'zaka zitatu zokha makina aposa madokotala, maloya ndi akatswiri a masamu. Koma aliyense amene amagwiritsa ntchito makinawa amadziwa kuti modelo yomweyo imatha kupeka zinthu zimene kulibe, kapena kusokonezeka ndi funso loti ngakhale mwana wa ku pulayimale sangavutike nalo.

Zonse ziwirizi n'zoona. Malikisiwo si abodza ayi, koma amayankha funso laling'ono kuposa limene ambiri timaganiza. Amangotiuza mmene modelo yakutiyakuti inachitira pa mafunso akutiakuti, itafunsidwa mwanjira yakutiyakuti. Kuchoka pamenepo kukafika ponena kuti modeloyo imadziwa zachipatala kapena imatha masamu, pali mtunda ndithu.

Benchimaki n'chiyani?

Benchimaki ndi mtolo wa mafunso amene mayankho ake ndi odziwika kale, ndipo mamodelo onse amapatsidwa mtolo womwewo kuti ayerekezedwe. MMLU ili ndi mafunso oposa 15,000 a m'maphunziro 57, kuyambira masamu a ku pulayimale mpaka malamulo ndi zachipatala. Funso lililonse lili ndi mayankho anayi oti musankhepo limodzi, choncho wongolotera amapeza 25 pa 100. Kompyuta ndi imene imachonga, n'chifukwa chake mayeso otere ndi otchipa komanso achangu.

Zili ngati mayeso a kusukulu. Mphunzitsi sangafunse zonse zimene waphunzitsa chaka chathunthu, amangotapako mafunso ochepa n'kukhulupirira kuti akuimira zonsezo. Chikhulupiriro chimenechi chimagwira ngati wophunzira sanalione pepalalo tsiku la mayeso lisanafike, ngati sanaphunzitsidwe kungodutsa pepala lokhalo, komanso ngati mafunsowo akuyesadi luso limene tikufuna kudziwa. Pa mayeso a AI, zitatu zonsezi zimatha kusokonekera.

Mafunso akalowa m'deta yophunzitsira

Modelo ya chinenero imaphunzira powerenga zolembedwa zambirimbiri, ndipo gawo lalikulu limakokedwa pa intaneti ndi mapulogalamu ongosesa chilichonse chimene apeza. Mabenchimaki nawonso amaikidwa pa intaneti pomwepo, poyera, kuti aliyense athe kuwagwiritsa ntchito. Anthu amakopera mafunsowo m'malipoti awo, amawakambirana, amawamasulira m'zinenero zina. Mafunso ambiri a MMLU anachita kutengedwa pa intaneti kuyambira pachiyambi. Ndiye ikamaphunzitsidwa modelo yatsopano, mpata ulipo waukulu woti yawerenga kale pepala la mayeso pamodzi ndi mayankho ake. Uku ndiye kuipitsidwa kwa deta. Sikulira kuti wina akhale ndi cholinga chobera. Kumachitika ngakhale aliyense ali woona mtima.

Vutoli si lachilendo. Opanga GPT-3 analemba okha mu 2020 kuti anayesetsa kuchotsa mafunso a mayeso m'deta yawo. Njira yawo inali yofufuza malo amene mawu 13 otsatizana akufanana ndendende m'deta yophunzitsira ndi m'mafunso a mayeso. Pulogalamu yosefayo inali ndi cholakwika moti zina zinatsalira, ndipo pamene ankazindikira zimenezi, kuyambiranso kuphunzitsa modeloyo kukanadya ndalama zochuluka kwambiri. Anangoyesa padera mafunso amene ankaoneka oyera n'kufotokoza zimene anapeza. Patapita zaka zitatu, lipoti la GPT-4 linavomerezanso kuti mbali zina za benchimaki ya BIG-bench zinalowa m'deta mwangozi, ndipo malikisi a mayeso amenewo anawasiya osawatulutsa.

Sefa ya mawu otsatizana ili ndi malire ake osavuta kuwaona. Tinene kuti funso la mayeso likuti, "Sitima yayenda makilomita 120 pa maola awiri, kodi liwiro lake ndi lotani?" Wina n'kulemba kwina kuti, "Pezani liwiro la sitima imene yatenga maola awiri kuyenda mtunda wa makilomita 120." Kwa munthu, ili ndi funso limodzi. Kwa sefa yowerenga mawu otsatizana, awa ndi mafunso awiri osiyana. Mu Novembala 2023, ofufuza a gulu la LMSYS anaonetsa kukula kwa chibowo chimenechi. Anatenga modelo yaing'ono, n'kuiphunzitsa ndi mafunso a mayeso olembedwanso m'mawu ena. Malikisi ake anakwera kufika pafupi ndi a GPT-4, koma sefa yozolowerekayo sinagwire kanthu.

Nanga munthu wakunja, amene sangaone deta ya kampani, angadziwe bwanji? Njira imodzi ndi kuyang'ana madeti. Deta yambiri ya GPT-4 inathera mu Seputembala 2021. Modeloyi itangotuluka, wofufuza wina anaipatsa mafunso osavuta a mpikisano wolemba mapulogalamu wa Codeforces. Pa mafunso 10 amene analembedwa chisanafike chaka cha 2021 inakhoza onse, koma pa mafunso 10 atsopano a mlingo wofanana sinakhoze ngakhale limodzi. Mafunso 20 ndi ochepa, sangathetse nkhani. Komabe luso lenileni silimathera pa deti. Chimene chimathera pa deti ndi kuloweza.

Njira yachiwiri ndi yodula koma yodalirika kwambiri: kulemba pepala latsopano lofanana ndi lakale. GSM8K ndi benchimaki ya masamu a ku pulayimale olembedwa ngati nkhani, imene OpenAI, kampani imene inapanga GPT-3 ndi GPT-4, inatulutsa mu 2021, ndipo ili ndi mafunso pafupifupi 8,500. Mu 2024 kampani ya Scale AI inalemba ganyu anthu kuti alembe mafunso atsopano oposa 1,000, ofanana ndi akalewo pa kuvuta kwake ndi kuchuluka kwa masitepe, ndipo sinawaike pa intaneti. Anawatcha GSM1k. Ngati modelo imathadi masamu, malikisi ake pa mapepala awiriwa ayenera kuyandikana. Malinga ndi lipoti lawo loyamba, mamodelo ena anatsika mpaka ndi mapointi 13, makamaka ena a m'magulu a Phi ndi Mistral. Koma mbali inayo tisaiiwale: mamodelo amphamvu kwambiri a nthawiyo sanatsike kwenikweni, ndipo ngakhale otsikawo anakhozabe mafunso ambiri amene anali asanawaonepo. Choncho kuipitsidwa kwa deta sikutanthauza kuti luso kulibe. Kumafufumitsa malikisi, ndipo kumafufumitsa mosiyanasiyana, moti pa ndandanda wa opambana woyenera kukhala wachisanu amatha kupezeka wachiwiri.

Kuchenjerera mayeso

Mu 1975, katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, anaona kuti muyeso umene boma layamba kuugwiritsa ntchito poyendetsa chuma umasiya kunena zoona. Mfundo yakeyo inafalikira m'magawo ena, ndipo masiku ano imanenedwa motere: muyeso ukasanduka cholinga, umasiya kukhala muyeso wabwino. Mu AI, malikisi amakopa makasitomala, oika ndalama ndi atolankhani. Ndiye n'zosadabwitsa kuti makampani amalimbikira kukweza nambala imene aliyense akuyang'ana. Sukulu imene imaweruzidwa ndi chiwerengero cha okhoza imayamba kuphunzitsa mapepala akale m'malo mwa phunziro lenilenilo, ndipo palibe lamulo limene yaphwanya.

Nkhani ya 90.0 ya Gemini Ultra ikuonetsa bwino mmene kafunsidwe kamasinthira zinthu. Pa MMLU, njira yozolowereka inali yoonetsa modelo zitsanzo zisanu zoyankhidwa kale, kenaka n'kuifunsa kamodzi. Ndi njira imeneyi GPT-4 inapezera 86.4. Koma 90.0 ya Gemini Ultra inachokera ku njira ina, yolola modelo kulemba maganizo ake sitepe ndi sitepe maulendo 32, kenaka n'kutenga yankho limene maulendo ambiri agwirizana. Manambala awiriwa anaikidwa moyandikana polengeza. M'lipoti laukadaulo la Google lomwelo munali manambala onse: pa njira ya zitsanzo zisanu Gemini Ultra inapeza 83.7, pansi pa GPT-4, pamene pa njira ya maulendo 32 GPT-4 inapeza pafupifupi 87.3, pansi pa Gemini Ultra. Wopambana ndani? Zikutengera njira imene mwasankha. Palibe nambala yabodza pamenepa, ndipo zonse zinalembedwa poyera, koma amene anangowerenga mitu ya nkhani anamva theka lokha.

Pofuna kuthawa mavuto a mafunso okhazikika, ofufuza a ku yunivesite ya California ku Berkeley ndi anzawo anayambitsa Chatbot Arena mu 2023. Kumeneko munthu amalemba funso lake, mamodelo awiri obisidwa mayina amayankha, iye n'kuvotera yankho limene lamusangalatsa. Mavoti ambirimbiri amasandutsidwa mapointi mofanana ndi mmene amasanjira akatswiri a tchesi. Palibe pepala loti libedwe, choncho ambiri anakhulupirira kuti uku ndiye kuyesa kwachilungamo.

Koma ovota nawonso ali ndi zokonda zawo, ndipo zokondazo zimaphunzirika. Anthu amakopeka ndi yankho lalitali, losanjidwa bwino, lansangala, ngakhale pamene lalifupi linali lolondola kwambiri. Mu Epulo 2025 kampani ya Meta inalengeza kuti modelo yake ya Llama 4 Maverick yapeza mapointi 1417 n'kukhala yachiwiri pa ndandandawo. Kenaka zinadziwika kuti imene inayesedwa inali mtundu woyeserera, wokonzedwa mwapadera kuti uzicheza bwino, osati umene anthu anapatsidwa kuti agwiritse ntchito. Meta inali italemba zimenezi m'chilengezo chake, koma oyendetsa Arena anati sinafotokoze momveka mokwanira ndipo anasintha malamulo awo. Mtundu wa anthu onse utayesedwa, unapezeka cha pa nambala 32.

Mwezi womwewo, ofufuza a Cohere Labs pamodzi ndi anzawo a m'mayunivesite analemba kuti makampani ena akuluakulu ankaloledwa kuyesa mitundu yambiri mwachinsinsi n'kuonetsa wopambana wokha, ndipo anati Meta inayesa mitundu 27 isanatulutse Llama 4. Oyendetsa Arena anatsutsa zina mwa zomwe lipotilo linanena, n'kuti mwayi woyesa mwachinsinsi sunali wobisika. Mkanganowo tiusiye pambali, koma chifukwa chimene kusankha wopambana kumasokonezera muyeso n'chofunika kuchimvetsa. Malikisi alionse amakhala ndi kagawo ka mwayi. Mukayesa mitundu 27 yofanana mphamvu, umodzi udzatulukabe pamwamba chifukwa cha mwayi wokha. Mukalengeza umenewo n'kubisa 26 yotsalayo, owerenga adzauwerengera mwayiwo ngati luso. Kampani yaing'ono imene inayesa kamodzi ikuyerekezedwa ndi mnzake amene analemba mayeso kambirimbiri n'kuonetsa satifiketi imodzi yokha.

Mayeso opapatiza

Tiyerekeze kuti pepala silinabedwe ndipo palibe wachenjerera. Funso lotsala ndi lakuti, kodi mayesowo akuyesa chiyani? Pano ndi pamene ineyo ndimaona kuti pali vuto lozama kwambiri, chifukwa silithetsedwa ndi kukhulupirika kwa wina aliyense.

SNLI ndi benchimaki imene inapangidwa ku yunivesite ya Stanford mu 2015, yokhala ndi ziganizo ziwiriziwiri pafupifupi 570,000. Modelo imapatsidwa chiganizo choyamba ndi chachiwiri, n'kunena ngati chachiwiricho chikugwirizana ndi choyamba, chikutsutsana nacho, kapena sichikunena kanthu za icho. Cholinga chinali kuyesa kumvetsa tanthauzo. Mu 2018 ofufuza anabisa chiganizo choyamba n'kupatsa modelo chachiwiri chokha. Kunena zoona, ntchitoyo inayenera kukhala yosatheka, ndipo wolotera akanapeza pafupifupi 33 pa 100. Modeloyo inapeza pafupifupi 67. Chinachitika n'chakuti anthu amene analembedwa ganyu yolemba ziganizozo anali ndi zizolowezi. Akauzidwa kulemba chiganizo chotsutsa, kawirikawiri ankangoponyamo mawu okana monga akuti palibe kapena ayi. Modelo inagwira chizolowezi chimenechi n'kumayankha popanda kumvetsa kalikonse. Malikisi anali enieni, koma gawo lalikulu linali kuyesa luso lozindikira kalembedwe ka olemba mafunso.

Mu Okutobala 2024 ofufuza a kampani ya Apple anachita zofanana ndi izi pa GSM8K. Anasintha mayina ndi manambala m'mafunso, ndipo malikisi anayamba kusinthasintha. Kenaka anawonjezera mawu osakhudza yankho. Chitsanzo chawo chodziwika chinali cha munthu wothyola zipatso za kiwi: 44 Lachisanu, 58 Loweruka, ndipo Lamulungu kuwirikiza kawiri za Lachisanu, koma zisanu mwa izo zinali zocheperako msinkhu. Zonse pamodzi ndi zingati? Lamulungu anathyola 88, ndiye 44 kuphatikiza 58 kuphatikiza 88 ndi 190. Chipatso chaching'ono ndi chipatso ndithu, sichichotsedwa. Koma mamodelo ena anachotsa 5 n'kuyankha 185, mwina chifukwa m'mafunso amene anazolowera, nambala iliyonse yotchulidwa imakhala ndi ntchito. Pa mafunso a mtundu umenewu, ena anatsika mpaka ndi 65 pa 100, ngakhale kuti amphamvu kwambiri anatsika mocheperapo. Akatswiri sagwirizana pa tanthauzo lake. Ena amati ndi umboni woti makinawa saganiza, ena amati anthu nawonso amakodwa ndi mafunso a msampha. Chimene sichikutsutsika n'chakuti malikisi okwera pa GSM8K sanatiuze kanthu za kufooka kumeneku, pakuti mafunso ake ndi osesedwa bwino, opanda zinyalala, pomwe mavuto enieni amabwera ndi zinyalala zake.

Nthawi zina cholakwa chimakhala m'pepala la mayankho lenilenilo. Mu 2024 gulu lotsogoleredwa ndi ofufuza a ku yunivesite ya Edinburgh linawerenganso mafunso ena a MMLU limodzilimodzi. M'gawo la mavairasi, 57 pa 100 alionse a mafunso amene anaunika anali ndi vuto: yankho lolembedwa kuti ndi lolondola linali lolakwa, kapena funso linali losamveka, kapena panalibe yankho lolondola n'komwe. Magawo ambiri anali bwino kuposa pamenepa, koma taganizani za modelo imene yakhoza funso limene yankho lake lovomerezeka ndi lolakwa. Mwina inalakwa mofanana mwangozi, mwinanso inaloweza.

Kukula kwa mayeso nakonso kumanyenga. HumanEval, benchimaki yotchuka yolemba mapulogalamu, ili ndi mafunso 164 okha. Funso limodzi ndi mapointi 0.6, ndiye kampani ikanena kuti yaposa inzake ndi mapointi awiri, ikunena za mafunso atatu. Komanso mafunsowo ndi tizidutswa tating'ono ta mapulogalamu a m'chinenero cha pakompyuta cha Python, pomwe wolemba mapulogalamu kuntchito amalimbana ndi mafailo mazanamazana olembedwa ndi anthu ena. Chimodzimodzinso chinenero: mabenchimaki otchuka ambiri ali m'Chingerezi, ndipo malikisi ake sanena mmene modelo ingachitire m'zinenero zimene zili ndi zolembedwa zochepa pa intaneti.

Zimene sizinayankhidwe

Mankhwala alionse amene aperekedwa ali ndi kuwawa kwake. Kubisa mafunso kumateteza pepala, koma wina aliyense sangathenso kuwaunika, ndipo zolakwa ngati za MMLU zija zinapezeka chifukwa choti mafunso anali poyera. Komanso kuti muyese modelo ya kampani, kawirikawiri mumatumiza mafunsowo ku makompyuta a kampaniyo. Kodi chinsinsicho chingakhale nthawi yaitali bwanji? Mabenchimaki ngati LiveBench amasintha mafunso pafupipafupi, koma pepala likasintha, malikisi a chaka chino tiwayerekeza bwanji ndi a chaka chatha?

Pali nkhani ya amene amalipira. FrontierMath ndi mayeso a masamu ovuta kwambiri opangidwa ndi bungwe la Epoch AI. Chakumapeto kwa 2024 ndi kumayambiriro kwa 2025 zinadziwika kuti OpenAI ndi imene inapereka ndalama zake ndipo inali ndi mwayi woona mafunso ambiri. Epoch AI inavomereza kuti inayenera kuulula msanga, n'kunenanso kuti panali mgwirizano wapakamwa woti mafunsowo asagwiritsidwe ntchito pophunzitsa. Kulemba mafunso otere kumafuna ndalama zambiri, ndipo okhala ndi ndalamazo ndi omwe akuyesedwawo. Ndani wina angalipire, ndipo ndani angayang'anire?

Makampani ambiri saulula deta imene anaphunzitsira mamodelo awo, ena poteteza malonda, ena poopa milandu ya umwini wa zolembedwa. Popanda kuona detayo, ofufuza akunja amangodalira zizindikiro ngati za madeti zija. Kodi makampani akakamizidwe kutsegula deta yawo kwa ounika oima paokha, ndipo ndi lamulo la dziko liti?

Ngakhale malire a kuipitsidwa kwenikweniko sanagwirizanidwe. Kuona funso lenilenilo ndi yankho lake n'kubera, pamenepo onse amavomereza. Kuona funso lolembedwa m'mawu ena, ambiri amati n'kuberanso. Nanga modelo imene yaphunzitsidwa ndi mafunso miliyoni ofanana kapangidwe ndi a GSM8K, opanda ngakhale limodzi lotengedwa m'pepalalo, yabera kapena yaphunzira masamu? Ofufuza ena amati kumeneko ndiye kuphunzira, ena amati ndi kuzolowera pepala, ndipo pakadali pano palibe mayeso amene onse amavomereza kuti angasiyanitse ziwirizi.